Siyani kunamiza odwala kuti "zachilengedwe sizisokoneza mankhwala"

Ndawona wogulitsa zitsamba wina akuuza odwala kuti tiyi wake angathe kumwera limodzi ndi mankhwala aliwonse a kuchipatala, ati poti ndi zachilengedwe palibe chimene chingasokonekere. Pansi pa uthenga wake wolembawo mayi wina wafunsa kuti, "Ine ndimamwa wafarini, ndingamwe?" Yankho la wogulitsayo ndi loti imwani mosaopa. Zandikwiyitsa kwambiri. Yankho limenelo likhoza kupha munthu.

Chitsamba chimene chili ndi mphamvu yosintha kanthu m'thupi ndi mankhwala basi. Chimalowa m'magazi omwewo, chimadutsa m'chiwindi chomwecho, ndipo chimakumana ndi mapiritsi amene dokotala anakupatsani. Simunganene kuti chitsamba changa ndi champhamvu, kenako n'kunenanso kuti sichikhudza china chilichonse. Ngati chili ndi mphamvu yochiza, chilinso ndi mphamvu yosokoneza.

Tiyeni tione za wafarini yemweyo. Amaperekedwa kuti magazi asamaundane m'mitsempha, monga kwa amene anaundana magazi m'mwendo kapena amene mtima wawo umagunda mosalongosoka. Vuto lake ndi loti mlingo wothandiza ndi mlingo woopsa zayandikana kwambiri. N'chifukwa chake amayeza magazi pafupipafupi kuti aone nambala yotchedwa INR. Kwa odwala ambiri nambalayo iyenera kukhala pakati pa 2 ndi 3. Ikatsika, magazi amaundana ndipo sitiroko ikhoza kubwera. Ikakwera, munthu amataya magazi, nthawi zina m'mimba kapena mu ubongo momwe sangaone.

Tiyerekeze munthu amene amamwa mamiligalamu 5 tsiku lililonse, INR yake ili pa 2.5, zonse zili bwino. Wayamba kumwa makapisozi a chitsamba chimene pa botolo amalemba St John's wort, chimene ambiri amamwa akamasowa tulo kapena akakhala ndi nkhawa. Chitsamba chimenechi chimafulumizitsa chiwindi kuphwanya mankhwala. Sizichitika tsiku lomwelo, zimatenga sabata imodzi kapena awiri, ndiye munthu saganiza n'komwe kuti pali kugwirizana. Akapita kukayezetsa, INR yatsika kufika pa 1.5. Dokotala amufunsa ngati akumwa china, iye akuti ayi, poti amaona kuti zitsamba si mankhwala. Dokotala achita zoyenera malinga ndi zimene wauzidwa: akweza mlingo kufika pa mamiligalamu 7.5, ndipo INR ibwerera m'malo mwake.

Tsoka lenileni limabwera botolo la zitsamba lija likatha. Munthuyo wasiya mwakachetechete monga anayambira. M'masabata awiri otsatira chiwindi chibwerera pa liwiro lake lakale, koma mlingo wa wafarini udakali wokwezedwa uja. Mankhwala aunjikana m'magazi, INR ikwera kupitirira 5, ndipo munthu ayamba kutuluka magazi m'nkhama akamatsuka mano, kamfuno wosaleka, mabala akuda pakhungu osamenyedwa ndi kanthu, mkodzo wofiira, chimbudzi chakuda bii chonata. Mutu ukayamba kupweteka koopsa mwadzidzidzi, kapena akasanza magazi, ameneyo ndi wothamanga naye kuchipatala nthawi yomweyo. Mwaona? Kuyamba kunali koopsa, kusiya kunali koopsanso, ndipo zonse ziwiri zinaopsa chifukwa woyeza mlingo sanauzidwe.

Palinso zitsamba zina zimene sizioneka bwino pa INR. Ginko komanso makapisozi a adyo zimafooketsa tizidutswa ta m'magazi timene timatseka bala. Nambala ikhoza kuoneka yabwinobwino koma munthu n'kumataya magazi mosavuta. Sindikunena adyo wothira m'chakudya ayi, ndikunena ufa, makapisozi ndi madzi owiritsa kwambiri omwa tsiku ndi tsiku. Ufa wa masamba obiriwira nawo uli ndi vitamini K, amene amalimbana ndi wafarini mwachindunji. Kudya masamba si mlandu, idyani mofanana sabata ndi sabata. Cholakwika ndi kuyamba mwadzidzidzi masupuni a ufa m'mawa uliwonse osauza aliyense.

Odwala shuga nawonso akunamizidwa bodza lomweli. Mankhwala a shuga otchedwa gilibenkilamaidi amakakamiza thupi kutulutsa insulini, kaya munthu wadya kaya sanadye. Mukawonjezerapo chitsamba chotsitsa shuga monga alovera wakumwa, zonse ziwiri zimakokera pansi. Shuga akatsika pansi pa 3.9, kapena 70 pa makina owerenga manambala akuluakulu, munthu amanjenjemera, amatuluka thukuta lozizira, mtima umathamanga, kenako amayamba kulankhula zosamveka ngati woledzera. Ngati akutha kumeza, musungunulireni masupuni a tiyi 3 kapena 4 a shuga m'madzi, muyezenso pakatha mphindi 15, kenako adye chakudya. Ngati wakomoka musamuthire kanthu m'kamwa, angatsamwe. Ndipo ngakhale atsitsimuke apite kuchipatala, chifukwa piritsi limeneli limakhalitsa m'thupi ndipo shuga akhoza kugwanso usiku.

Za ma ARV ndiye zimandipweteka kwambiri, poti apa palibe chizindikiro chochenjeza. St John's wort yemweyo amatsitsa mlingo wa ma ARV otchedwa dolutegilaviri ndi efavirenzi m'magazi, ndipo sayenera kumwedwa ndi mankhwala amenewa ngakhale pang'ono. Munthu amamwa piritsi lake mokhulupirika osadumpha tsiku, koma lofika m'magazi ndi lochepa. Kachilombo kamapeza mpata wochulukana, ndipo kakhoza kufika posamva mankhwalawo. Zimadzaonekera pa kuyeza kuchuluka kwa kachilombo patapita miyezi, munthu n'kumaimbidwa mlandu wodumphitsa mankhwala. Zosakaniza zambiri zogulitsidwa monga "zowonjezera chitetezo" amathiramonso kashiyamu, ayironi kapena maginiziyamu. Izi zimamata dolutegilaviri m'matumbo kuti asalowe m'magazi. Njira yake ndi kumwa dolutegilaviri maola 2 musanamwe zimenezo, kapena maola 6 mutamwa. Koma kutalikitsa maola kumeneku sikuthandiza pa St John's wort, chifukwa iye amasintha chiwindi chenichenicho kwa masabata.

Anthu amabisa chifukwa choopa kukalipiridwa, ndikudziwa. Komabe safunsa anadya phula. Nenani! Tengani botolo, paketi kapena masamba enieniwo mupite nazo kwa dokotala kapena wa ku famase. Muwauze dzina lake, kuchuluka kwa zimene mumamwa, kangati pa tsiku, ndi tsiku limene munayamba. Ngati mwayamba kale ndipo muli pa wafarini, musasiye chinunu, kanenani kuti akuyezeni INR posachedwa ndi kukuyezaninso mukasiya. Ndipo musasiye mapiritsi anu kuti mupatse malo zitsamba.

Inunso ogwira ntchito zachipatala, funso loti "mukumwa mankhwala ena?" silokwanira. Wodwala ayankha kuti ayi ndi mtima woyera, poti kwa iye tiyi si mankhwala, ufa si mankhwala. Funsani motchula: tiyi, ufa, makapisozi, mizu, madzi a m'botolo. Akakuuzani musamukalipire, chifukwa ulendo wina sadzakuuzaninso. Ndipo mabotolo osalembedwa zimene zili m'kati mwakewa, ochiza matenda makumi awiri nthawi imodzi, dokotala angawayeze bwanji ndi wafarini pamene wogulitsa yemweyo akukana kunena zimene anathiramo?