Werengani malita, musayang'ane utsi!

Lero ndapsa mtima kwambiri. Kampani imene timainyamulira soya kuchoka kuno ku Chipata kupita ku Lusaka yatitumizira fomu yofunsa kuchuluka kwa mpweya wa kaboni dayokisaidi umene malole athu atatu amatulutsa pamwezi. Mkulu wina wa pa ofesi pathu wangotenga cholembera n'kulemba kuti "pang'ono chabe". Nditafunsa, akuti, "Amayi, malole athu ndi atsopano, safuka utsi." Utsi! Ndani anawauza kuti tikuyeza utsi?

Kaboni dayokisaidi saoneka ndi maso, sanunkha. Utsi wakuda umene mumauona lole ikamakwera phiri ndi mwaye wa dizilo wosapsa bwino, imeneyo ndi nkhani ina. Injini yatsopano ikamwa malita 100, ndipo yakutha ikamwanso malita 100, mpweya umene zatulutsa ndi wofanana ndithu. Yankho lili pa malisiti a mafuta, osati kupaipi ya utsi.

Masamu ake ngoti mwana wa giredi 7 angawathe. Lita imodzi ya dizilo ikapsa imatulutsa makilogalamu pafupifupi 2.7, ya petulo pafupifupi 2.3. Basi, chulukitsani ndi malita amene mwagwiritsa ntchito. Ndawatulutsira malisiti a lole imodzi: ulendo wa ku Lusaka, kupita ndi kubwera, inamwa malita 380. Kuchulukitsa ndi 2.7, ndi makilogalamu 1,026. Kupitirira tani imodzi pa ulendo umodzi wokha! Mwezi wathawu malole onse atatu anamwa malita 4,200, kutanthauza makilogalamu 11,340. Matani 11 ndi kanthu, iwo n'kumati pang'ono chabe?

Apo akuti ndikunama, poti lita ya dizilo sikwana n'komwe kilogalamu imodzi, ndiye ingabale bwanji makilogalamu 2.7? Safunsa anadya phula. Kaboni wa m'mafutawo akamapsa amagwirana ndi okosijeni wa mumpweya umene injini imakoka, kulemera kwinako kumachokera kumeneko.

Ndipo musandiuze za makilomita. Lole yodzaza matumba yokwera mapiri a ku Luangwa simamwa mofanana ndi yobwerera yopanda katundu, ngakhale mtunda uli umodzimodzi. Nanga ija yoima pa sikelo injini ikulira ola lathunthu, yayenda makilomita angati? Sinasunthe, koma dizilo wapsa. Malita, abale anga, malita!

Chinanso chondiwawa ndi madalaivala. Lisiti amalipinda n'kuliponya pansi pa mpando, likafika kwa ine lanyowa ndi oilo, manambala afufutika. Wina amagula dizilo wa m'zigubu m'mbali mwa msewu wopanda pepala lililonse, n'kubwera kudzandiuza pakamwa kuti "anali ngati malita 40". Ngati? Ine ndichulukitse "ngati" ndi 2.7?