Lembani pa positi pomwepo, musadikire ndalama zilowe

Ndakwiya, ndipo lero ndilankhula. Inu amene mumagulitsa katundu pa Facebook ndi pa WhatsApp, chimakuvutani n'chiyani kulemba zinthu zitatu pansi pa chithunzi cha katundu wanu? Katunduyo afika liti, kumutumiza ndi ndalama zingati, ndipo akakhala kuti sali bwino tibweza bwanji. Basi. Zitatu zokha. Mumakwanitsa kulemba kuti "zatsopano zafika, thamangirani zisanathe", mumaika ndi timaluwa ndi timitima, koma mizere itatu imeneyi ndiye dzanja limauma.

Mng'ono wanga anali ndi chinkhoswe Loweruka lina posachedwapa kuno ku Zomba. Lolemba la sabata imeneyo ndinaona nsapato pa peji ya mayi wina wa ku Lilongwe. Chithunzi chokongola, pansi pake analemba kuti K38,000, saizi 37 mpaka 41, zilipo. Mawu akuti "zilipo" ndi amene anandigwira. Ndinawerengera kuti katundu wochoka ku Lilongwe Lachiwiri, ngakhale atachedwa bwanji, pofika Lachinayi akhala ali m'manja mwanga. Ndinatumiza K38,000 pa Airtel Money, ndinatumizanso uthenga wosonyeza kuti ndalama zapita. Yankho linabwera mwachangu: "Zafika asisi. Muonjezere K4,500 ya koriya ndi K1,500 yotapira."

Yotapira? Inalembedwa pati? Ya koriya inalembedwa pati? Ndinabwerera pa positi ija kukawerenganso, mwina maso anga ndiwo anadumpha. Panalibe. Koma ndalama zanga zinali kale m'foni mwawo, ndiye ndikanatani? Ndinaonjeza K6,000. Nsapato ya K38,000 inasanduka ya K44,000 ndisanaigwire n'komwe.

Lachiwiri zii. Lachitatu ndinafunsa, akuti "mawa asisi". Lachinayi akuti "tikupakira". Lachisanu madzulo, nditaimba kanayi, m'pamene chilungamo chinatuluka: nsapatozo sizinali ku Lilongwe. Zinali m'njira kuchokera ku Dar es Salaam, ndipo munthu amene anapita kukaoda anali asanadutse pa Songwe. Ndiye "zilipo" ija imatanthauza kuti zilipo ku Tanzania! Ku chinkhoswe ndinavala nsapato zanga zakale zomwe chidendene chinayamba kale kudyeka mbali imodzi, ndipo tsiku lonse ndinkabisa mapazi m'chitenje.

Zinafika patatha masiku khumi ndi awiri. Osati pakhomo, koma ku ofesi ya koriya m'tauni, zomwenso palibe anandiuza. Kabaza kupita ndi kubwera, K2,000. Tafika pa K46,000. Nditatsegula, pansi pa nsapato analembadi 40, koma phazi silinalowe. Ndinatenga tepi yoyezera nsalu n'kuyeza mkati: masentimita 24 ndi theka. Nsapato zanga zonse za saizi 40 mkati mwake ndi masentimita 26. Nditawauza, anandiyankha kuti, "Pepani asisi, ife katundu akatuluka sabwerera. Bwanji simunafunse? Safunsa anadya phula."

Mwambi umenewu ndi umene wandipangitsa kuti ndilembe izi. Ndifunse chiyani chimene inu mukuchidziwa kale? Amene akudziwa kuti katundu ali ku Dar ndi inu. Amene akudziwa mtengo wa koriya ndi inu, chifukwa mumapitako sabata iliyonse. Amene akudziwa kuti nsapatozi zimabwera zothina ndi inu, chifukwa sindine woyamba kudandaula. Wogula sangafunse za dzenje limene sakuliona. Mwini mudzi ndi amene amauza mlendo kuti uko kuli chitsime chosavindikira. Lembani. Lembani pa positi pomwepo, pamene aliyense akuona, ndalama zisanachoke m'foni mwa munthu.

Ena akuti mitengo ikusinthasintha chigwetsereni kwacha mu Novembala 2023, mafutanso akusowa, ndiye n'kovuta kulonjeza. Chabwino, zimenezo tonse tikuziona. Koma kulemba sikufuna petulo.

Ndipo ndikamati nthawi, sindikunena kuti "posachedwa" kapena "sabata ino". Posachedwa ya inu si posachedwa ya ine. Choyamba nenani kumene katundu ali: ali m'manja mwanu, kapena mukaoda ndalama zanga zikalowa? Kusiyana kwake n'kwakukulu. Wa m'manja angathe kunyamuka mawa. Wokaoda ku msika wa Kariakoo ku Dar kapena ku Joni akudikira ulendo, akudikira chipata, akudikira kuti maoda achuluke. Wa ku China wobwera pa sitima ya pamadzi ndiye ndi nkhani ya miyezi, si ya masiku. Palibe cholakwika kugulitsa katundu amene mukaode, ambiri akuchita ndipo akudya bwino. Cholakwika n'kulemba kuti alipo. Ndikanauzidwa kuti ndi milungu iwiri, ndikanakwera minibasi kupita ku Limbe kukagula zina, ndipo mayi aja ndikanadzawagula tsiku lina popanda mangawa. Kenako nenani masiku amene mumapita ku koriya. Ngati mumatumiza Lachiwiri ndi Lachisanu pokha, munthu wolipira Lachitatu adziwiretu kuti phukusi lake ligona kwanu mausiku awiri. Kuwerenga masiku kuyambire pamene phukusi laperekedwa ku koriya, ndipo tsiku limenelo mum'tumizire chithunzi cha lisiti. Lisiti ija ndi imene imathetsa mkangano wakuti wachedwetsa ndani, inu kapena onyamulawo.

Za ndalama yotumizira ndiye musandiuze kuti zimatengera. Inde zimatengera, ndiye lembani zimene zimatengerazo! Mkati mwa Lilongwe pa njinga yamoto mtengo wakuti, ku Blantyre, Zomba ndi Mzuzu mtengo wakuti, kumaboma akutali ngati Chitipa ndi Nsanje tikambirane. Nenaninso ngati katundu akafikire pa ofesi kapena pakhomo, chifukwa mayi wa ku Thondwe akamva kuti "tikutumizirani ku Zomba" amayesa kuti zifika pakhomo pake, osadziwa kuti pali ulendo wina ndi ndalama ina. Yotapira ija, ngati mukufuna kuti ndilipire ine, iphatikizeni mu mtengo kapena ilembeni poyera. K44,000 yonenedwa kamodzi ndikanaitulutsa osawiringula. Koma K38,000 yokhala ndi mchira wobisika imandipweteka ngati andipisa m'thumba, ngakhale ndalama yake ili yomweyo.

Positi ya mayi aja ikanangokhala chonchi, bwenzi lero tili pa ubale:

"Nsapato K38,000. Sizili m'manja, zifika ku Lilongwe pakatha milungu iwiri. Timatumiza Lachiwiri ndi Lachisanu. Koriya ku Zomba, Blantyre ndi Mzuzu K4,500, mukatengere ku ofesi yawo. Yotapira K1,500. Zimabwera zothina: 40 mkati mwake ndi masentimita 24 ndi theka, yezani phazi musanaode. Saizi ikakana timasintha pasanathe masiku atatu chilandirireni, zisanavalidwe panja, ya koriya mulipira ndinu. Zikabwera zowonongeka kapena zosiyana ndi chithunzi, tibweza ndalama zonse ndipo koriya ndi yathu."

Zatenga mphindi zingati kulemba zimenezi? Sizikwana zitatu. Mukalemba kamodzi, mawa mungokopera n'kusintha mtengo.

Taonani mizere iwiri yomalizayo, chifukwa m'pamene pamayambira ndewu zambiri. Kubweza kuli mitundu iwiri, ndipo anthu amaisakaniza dala. Pali kubweza chifukwa wogulitsa walakwitsa: watumiza chong'ambika, mtundu wina, saizi ina, foni yosayaka. Apo palibe zokambirana, ndalama zibwerere ndipo ulendo wobwerera alipire wogulitsa. Palinso kubweza chifukwa wogula wasintha maganizo, kapena anayeza phazi molakwika. Apo wogulitsa ali ndi ufulu woika malire ake: masiku angati, katundu akhale wotani pobwera, tisintha ndi wina kapena tibweza ndalama. Zovala zamkati, mafuta odzola otsegula, mawigi ovalidwa kale, nenani poyera kuti izi sizibwerera, aliyense amvetsa. Koma kulemba chiganizo chimodzi chakuti katundu akatuluka sabwerera n'kuphimba nacho chilichonse, ngakhale chimene mwawononga nokha, ayi. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula la 2003, lilinso ndi bungwe la CFTC limene limalandira madandaulo a ogula, ndipo katundu wowonongeka sakhala wabwino chifukwa choti mwalemba kuti simubweza. Mayi ajatu sanalembe ngakhale zimenezo. Lamulo lawo linabadwa tsiku limene ndinadandaula.

Ndipo ogulitsa, zimenezi zikutetezani inu kuposa ife. Ndili ndi mnzanga wogulitsa madiresi, amalira ndi anthu amene amavala diresi ku ukwati Loweruka, Lolemba n'kulibweza likununkha pafyumu, akuti silinakwane. Amakangana nawo mpaka usiku, chifukwa palibe pamene analemba kuti chovalidwa sichibwerera. Akanalemba, akanangojambula positiyo n'kutumiza, nkhani yatha. Zokambirana za pa foni zimauluka, wina amati munati Lachinayi, wina amati ndinati mwina Lachinayi. Zolembedwa pagulu sizisintha nkhope. Madzi akatayika sawoleka, ndipo dzina la bizinesi likangoponyedwa m'gulu la azimayi pa WhatsApp kuti ndinu akuba, simudzalitolanso. Ine dzina la mayi aja sinditchula, koma anzanga asanu a ku banki mkhonde anafunsa kumene ndinagula nsapato zimene zili pamwamba pa wadulopu osavalidwa, ndipo ndinawauza.

Lembani tsiku. Lembani ya koriya. Lembani za kubweza. Osati ku inibokosi, osati ndikafunsa, osati ndalama zikalowa. Pa positi.

Ndipo poti ndatchula inibokosi, khalidwe ili lakuti munthu akafunsa mtengo mumayankha kuti "onani ku inibokosi" linachokera kuti? Anthu makumi atatu afunsa funso limodzi pansi pa chithunzi chimodzi, onse mukuwaitanira kuseri mmodzimmodzi. Mukubisa chiyani? Kapena mumayamba mwaona kaye zithunzi za munthu, mukaona kuti waima pafupi ndi galimoto mtengo ukwere? Mayi wa tomato mu msika wa Zomba amaunjika milu yake poyera, ukafunsa amatchula mtengo mokweza aliyense akumva. Inu muli ndi foni ya ndalama zambiri, bandulo mwagula, chithunzi mwajambula katatu kuti chiwale, koma manambala asanu okha akukukanikani.

Nsapato zija zikadali pano. Saizi yake yeniyeni ndi 38, zakuda, sizinapondepo pansi.