Akangoti "zonse ndi Mulungu" nkhani n'kuthera pompo, ine ndimayamba kuda nkhawa

Ambiri mwa anthu amene timawayamikira pamaliro kuti ndi olimba pa chikhulupiriro, ine ndimaona kuti sanalimbe, angopeza pobisala. Musandimve molakwa, inenso ndimapemphera. Koma pemphero lomwelo lingathe kumuthandiza munthu kusenza chisoni, lingathenso kukhala njira yochizembera, ndipo wongoyang'ana sangasiyanitse.

Katswiri wina wa za maganizo wa ku Amereka, John Welwood, ndiye anayamba kulifotokoza bwino khalidweli m'zaka za m'ma 1980. Analiona pakati pa Abuda anzake, amene ankasinkhasinkha kwa nthawi yaitali pothawa mabala a mumtima ndi mikangano ya kunyumba imene sanaithetse. Ndiye si vuto la mpingo umodzi. Kuno ku Nkhotakota tchalitchi ndi mzikiti zayandikana, ndipo konse konse lilipo.

Taganizirani mayi amene amuna awo anapita kunyanja nyengo ya mwera, bwato n'kugubuduzika, thupi n'kupezeka patapita masiku. M'siwa sanalire kwenikweni. Aliyense wobwera kudzapepesa ankamuyankha kuti, "Mwini wake watenga." Anthu n'kumati mayi awa ndi chitsanzo. Papita miyezi isanu ndi itatu tsopano, koma taonani mmene akukhalira. Njira ya kugombe anaisiya, amazungulira ngakhale ndi kutali. Usipa safuna kuuona m'mbale. Mwana akati, "Amayi, mukukumbukira ababa akusoka ukonde?" amamudula kuti, "Iwe, ababa ako ali kwabwino, tiye tipemphere." Lolemba ali kumapemphero, Lachitatu kusala kudya, Lachisanu kuchezera usiku wonse, moti palibe madzulo amene amakhala pansi okha. Tulo sakupeza, ndipo ana akangotaya madzi pang'ono amakalipiridwa zoopsa.

Zimene mayiwa akunena si zabodza m'chikhulupiriro chawo. Chofunika kuyang'ana ndi ntchito imene mawuwo akugwira. Munthu amene watonthozekadi amati "ndi chifuniro cha Mulungu" kenako n'kupitiriza. Amamutchula malemuyo, amaseka pokumbukira nthabwala zake, misozi ikabwera amaisiya itsike. Amene akuthawa amanena mawu omwewo mofulumira, musanamalize n'komwe kufunsa, ndipo akatero nkhani yatsekedwa. Ameneyo ndiye muyeso umene ine ndimaudalira kwambiri, ndipo munthu angathe kudziyesa nawo yekha. Mukatha kunena mawu achikhulupiriro aja, kodi mungakhale chete kwa mphindi zochepa mukuganiza za chimene chinachitika, osathamangira nyimbo, foni kapena ntchito? Mungamalize chiganizo chakuti "chimene chikundipweteka n'chakuti..." osachiphimba ndi "komabe Mulungu ndi wabwino"? Ngati pakhosi pakutsekeka, mtima n'kuyamba kuthamanga, ndiye kuti ululuwo ukadali pomwepo, sunakhudzidwe n'komwe.

Pa kukhululuka n'chimodzimodzi. Munthu amati "ndinawakhululukira kalekale" achibale amene anamulanda katundu wamasiye, koma akamva mawu awo kumsika thupi limanjenjemera. Anakhululuka asanavomereze kuti anakwiya, ndiye mkwiyowo ukutulukira pa ana.

Chimene chimandipweteka ine n'chakuti ndife timawaphunzitsa. Wofedwa akangoyamba kulira mokweza, wina wayambitsa kale nyimbo, wina akuti "musalire ngati osakhulupirira." Chonsecho Yesu analira pamanda a Lazaro, akudziwa kuti amuukitsa. Mtumiki Muhammad anagwetsa misozi mwana wake Ibrahim atamwalira. Anzake a Yobu anakhala naye pansi masiku 7 osanena kanthu, ndipo zinthu zinasokonekera pamene anayamba kumufotokozera chifukwa chimene akuvutikira. Makolo athu ankati maliro n'kulirana, sankati n'kuletsana kulira.

Tisathamangirenso kuweruza aliyense. Masiku oyamba munthu amatha kungoti kakasi, osamva chilichonse, ndipo zimenezo n'zachibadwa. Ena mwachibadwa salira pagulu. Kupemphera kwambiri pakokha si chizindikiro. Chizindikiro ndi pamene miyezi ikudutsa, malo ndi maina oletsedwa akuchuluka, tulo ndi chilakolako cha chakudya sizikubwerera. Zikapitirira miyezi 6 mpaka munthu kulephera ntchito zake, kapena akayamba kunena kuti bola kumutsatira malemuyo, apite kuchipatala cha boma akaonane ndi a za matenda a maganizo, mapemphero akupitirira.

Kwa mayi ngati aja, ine sindingawauze kuti achepetse mapemphero, angandione ngati mdani. Ndingakhale nawo pakhonde n'kuwafunsa kuti, "Mayi, kodi bambo aja munakumana nawo bwanji?" Akayankha kuti ali kwabwino, ndivomere, ndidikire pang'ono, kenako ndifunsenso.