Musamuseke mwana chifukwa cha Chizungu cha m'filimu

Abale, dzulo ndinapsa mtima. Tikuonera filimu kwa achemwali anga, mwana wawo wa Fomu 3 anapempha kuti tiyatse mawu olembedwa pansi aja. Bambo wina mlendo akuti, "Fizi yonse ija, Chizungu osamva?" Mwana anangoti zii. Ndiye ine kuwafunsa bambowo kuti nanga wanena chiyani mzunguyo, akuti "akukangana basi." Mwaona? Nawonso akumva theka lomwelo, kungoti akugwedezera mutu. Safunsa anadya phula!

Mawu amene mwanayu akuphonya amawadziwa. Mukamulembera papepala awerenga bwinobwino. Vuto lili pakhutu, mutu wake uli bwino. Ife m'Chichewa phatikizo lililonse timalitchula lonse, pomwe mzungu amatsindika mawu akuluakulu okha, timawu tating'ono n'kutimeza.

Pasikirini palembedwa "What are you going to do?" koma chotuluka mkamwa mwa Mmereka ndi "wacha gona du." Mawu asanu ndi amodzi, khutu lalandira atatu. Mwana akudikira kumva onse monga anawaonera m'buku, ndipo akamawasakasaka, filimu yapita kale patsogolo ndi ziganizo ziwiri. Palibe mawu achilendo pamenepa ngakhale amodzi.

Zinanso zimasokoneza ndi akuluakulu omwe. "I can go" ndi "I can't go" pakamwa pa Mmereka, t uja nthawi zambiri samveka. Ukamadikira t, udikira mpaka mawa. Akamavomera, mawu apakatiwo amafupika kukhala ngati "kn", mphamvu yonse ili pa mawu omaliza. Akamakana, amawakoka ndi kuwatsindika, kumveka ngati "ke-en". Kungodziwa zimenezo basi, mwana amva ngati munthuyo akupita kapena ayi.

Ndiye m'malo momunyoza, mutengereni kachidutswa ka masekondi 30. Amvere katatu popanda mawu apansi, alembe zimene wamva, posamveka asiye mpata. Kenako ayatse mawu apansi, a Chizungu omwewo, afanizire. Mudzaona nokha kuti m'mipatamo mwadzaza timawu timene anaphunzira ku pulayimale. Pa YouTube atsitse liwiro lifike pa 0.75, koma asakafike pa 0.5 chifukwa mawu amayamba kutamuka moti sakufanananso ndi mmene anthu amayankhulira. Akatero anene yekha mokweza, akumeza momwe akumezera mzunguyo. Ndipo ayambire pa nkhani za pa wailesi ngati BBC, poti owerenga nkhani amatchula bwino kusiyana ndi munthu wa m'filimu amene akunong'ona uku mfuti zikulira.

Nanga kusukulu tinaphunzira liti kumvetsera? Ife zaka zonse zija inali galamala, chimangirizo ndi kulemba manotsi. Sindikumbuka mphunzitsi akubweretsa wailesi m'kalasi kuti timve mzungu akuyankhula mwaliwiro lake. Lero mukufuna mwana azimva chinthu chimene sanamumveretsepo. Aaa, inunso!