Mtengo wa chaka choyamba si mtengo weniweni wa webusayiti

Abale anga amene muli ndi mabizinesi kuno ku Tete, makampani ogulitsa domeni, limene ndi dzina la webusayiti, ndi hositing'i, amene ndi malo osungirapo webusayitiyo, sakutichitira chilungamo pa nkhani ya mitengo, ndipo ine zikundiwawa. Amalemba zilembo zikuluzikulu kuti domeni dola imodzi, hositing'i madola 2.99 pamwezi, koma mtengo woti uzilipira chaka chachiwiri kupita mtsogolo amaulemba timalemba ting'onoting'ono totuwa pansi pake, kenako amayatsiratu Auto-renew kuti nthawi ikakwana adule okha pa khadi yako osakufunsanso.

Alamu anga ali ndi loja ya feteleza ndi mbewu ya mbatata ku Ulongwe. Chaka chatha analipira madola 37 basi, ndiye kuti domeni ya .com dola imodzi, hositing'i ya miyezi 12 pafupifupi madola 36, kwathu kuno ngati 2,400 metikali. Chaka chino meseji ya ku banki yangofika usiku kuti achotsa ndalama yoposa 9,700 metikali, domeni madola 20, hositing'i madola 10.99 kuchulukitsa ndi miyezi 12 yonse kamodzi, kuphatikiza madola 152. Webusayiti ndi yomweyo ya masamba anayi, palibe chawonjezeka, ndipo ndalamayo anasungira thiransipoti ya katundu. A kampaniyo anadulanso tsiku lotha lisanafike, chifukwa makampani ambiri amadula kutatsala masabata awiri kapena mwezi, ndiye munthu umati ndikadali ndi nthawi pamene fatura yadutsa kale.

Dola imodzi ija sinali mtengo, inali nyambo. Kampani imene imasunga mayina onse a .com, Verisign, inayamba kulipiritsa ogulitsawa madola 10.26 pa dzina lililonse pachaka mu 2024, ndiye wokugulitsa pa dola imodzi akuluza dala podziwa kuti adzabweza chaka chamawa. Apa mutha kuyeza nokha, mtengo wopitiriza .com ukakhala madola 11 mpaka 15 ndi zomveka, ukafika 20 kapena kupitirira apo akukudyerani.

Koma chonde musathamangire kuzimitsa zonse nkuiwala, apa ndi pamene ena amalira kwambiri. Domeni ndi hositing'i ndi zinthu ziwiri zosiyana ngakhale zili pa fatura imodzi. Hositing'i ndi malo ochita lendi, mutha kutenga mafayilo anu nkusamukira kwina mawa lomwe. Domeni ndi dzina lanu limene lili pa chikwangwani cha loja, pa makhadi a bizinesi komanso pa imelo imene makasitomala a ku Moatize ndi ku Dedza amakulemberani. Ikatha osalipira webusayiti ndi imelo zimazima, pamakhala kanthawi koti mulipire mtengo wamba, kakapita ako imalowa masiku 30 oti kuiombola amakulipiritsani chindapusa nthawi zambiri cha madola 80 kapena kuposa, zikatero imatulutsidwa aliyense atha kuigula. Malamulo a ICANN, bungwe loyang'anira ma domeni, amati akukumbutseni kutatsala mwezi komanso kutatsala sabata, vuto ndi loti ma imelo amenewo amapita kwa amene analembetsa, ndipo kuno nthawi zambiri ndi mnyamata amene anakupangirani webusayiti, osati inu. Funsani lero kuti domeni ili pa dzina ndi imelo ya ndani.

Maganizo anga ndi awa, kutatsala miyezi iwiri lowani mu akaunti muone mtengo wa chaka chotsatira, osati umene munalipira. Hositing'i izimitseni Auto-renew, tengani kope ya mafayilo ndi databesi musunge pa kompyuta, musake kwina poyerekeza mitengo yopitiriza osati yolowera, mukasamuka musinthe DNS kuti domeni iloze ku hositing'i yatsopano ndipo muone kuti zikutseguka musanatseke kwakale. Domeni ikakhala yodula ichotseni loko, pemphani EPP code imene ndi kiyi yosamutsira domeni, mupite nayo kwa wotchipa. Kusamutsa kumatenga pafupifupi sabata, mumalipira chaka chimodzi ndipo chimawonjezedwa pamwamba pa masiku otsala, simuluza kanthu, kungoti siisamuka isanakwane masiku 60 chiilembetsereni. Ikafika kumeneko Auto-renew ya domeni yokhayo isiyeni yoyaka, bola pa khadi pakhale salidu.

Ngati adula kale ngati alamu angawa, lemberani a kampaniyo tsiku lomwelo, musadikire kumapeto kwa mwezi. Ya hositing'i ena amabweza kapena kutsitsa mukawauza kuti mukuchoka, koma lonjezo lawo lobweza ndalama m'masiku 30 kwa ambiri limagwira pogula koyamba pokha. Ya domeni kubweza nkovuta. Alamu anabwezeredwa ya hositing'i yokha atalimbana nawo pa imelo, madola 20 aja anapita, domeni tidzaisamutsa chaka chisanathe.