"Ndingoluza zomwe ndayika basi"? Bodza limenelo!

Mutu ukundiwawabe ndi zomwe ndamva dzulo. Tinali pa khonde kwathu ku Chilomoni, mlamu wanga n'kutulutsa foni, akundionetsa kuti wayamba kupanga shoti pa masheya a kampani ina yakunja. Ndimufunse kuti mlamu, mtengo ukakwera mutani? Iye osaphethira n'komwe: "Aaa alamu, zikavuta ndingoluza zomwe ndayika basi." Ine tiyi wanga anazizirira m'manja.

Anthu inu, pa shoti simuluza zomwe mwayika zokha. Amene anakuuzani zimenezo sakukufunirani zabwino.

Shoti ndi kugulitsa chinthu chomwe si chanu. Mumabwereka masheya kudzera kwa buloka, amene amakugulirani ndi kukugulitsirani masheya pa msika, n'kuwagulitsa lero, ndi chiyembekezo chakuti mtengo utsika kuti mudzawagulenso motchipa n'kubweza kwa mwini wake. Ngongole yanu si ya ndalama, ndi ya masheya. Zili ngati kubwereka matumba a chimanga kwa aneba n'kukagulitsa ku Limbe, mumtima mukuti pokolola mtengo utsika. Aneba sadzafuna kumva kuti munagulitsa zingati. Adzafuna matumba awo, kaya thumba lakwera kawiri kaya kasanu.

Ndinatenga cholembera n'kumuwerengera pa chikuto cha kope la mwana. Tinene kuti mwabwereka masheya 1,000 n'kugulitsa pa K100 iliyonse, mwagwira K100,000. Mtengo ukatsika kufika K60, muwagulanso ndi K60,000, mubweza, mwatsala ndi K40,000. Zokoma ndithu. Kampaniyo itagweratu, sheya n'kufika pa ziro, phindu lanu ndi K100,000, ndipo mathero ake ndi pomwepo chifukwa mtengo sungatsike kupitirira ziro. Tsopano tembenuzani. Mtengo ukafika K300, masheya omwe aja mukawagula ndi K300,000, mwaluza K200,000. Ukafika K1,000 mwaluza K900,000. Ndiuzeni nambala imene mtengo umayima n'kunena kuti ndatopa. Palibe. Pansi pali simenti, kumwamba kulibe denga.

Munthu wogula sheya pa K100 ndiye anganene mawu a mlamu wanga aja, chifukwa zikavutitsitsa ataya K100 yakeyo basi. Wa shoti zake ndi zosemphana: chomwe angapindule chili ndi malire, chomwe angaluze chilibe. Inde, n'zoona kuti palibe sheya yomwe inakwerapo mpaka kalekale, n'chifukwa chake amati kupanda malireko ndi kwa pa masamu. Koma thumba lanu ndiye lili ndi malire, ndipo lidzatha mtengo usanatope.

Mlamu akuti adikira mpaka utsike. Mudikira ndi chiyani? Masheyawo ndi obwereka, tsiku lililonse mukulipira chiwongoladzanja. Kampani ikagawa phindu kwa eni masheya, inuyo ndi amene mulipire mwini wake kuchoka m'thumba mwanu. Mtengo ukamakwera buloka amakuuzani kuti muwonjezere ndalama za chikole, mukalephera amagula yekha masheyawo m'dzina lanu pa mtengo womwe wapezeka tsikulo, osakupemphani. Mawa lake mtengo ukhoza kugwa monga munkanenera, inu atakutulutsani kale. Nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka.

Akuti waika malire pa foni kuti ukafika pakuti azimutulutsa. Chabwino. Nanga msika ukatseka pa K110, usiku n'kutuluka nkhani yabwino ya kampaniyo, m'mawa n'kutsegula pa K180? Malire anu a K120 awalumpha, akugulirani pa K180.

Izi si nthano. Kumayambiriro kwa Januwale 2021 sheya ya kampani ya GameStop ku America inali pansi pa madola 20. Pofika pa 28 mwezi womwewo inakhudza madola 483. Amene anapanga shoti pa madola 20 ankayembekezera kupindula madola 20 zikayenda bwino koposa, koma pa tsikulo anali m'dzenje la madola 463 pa sheya imodzi. A shotiwo pothamangira kugula kuti athawe ndi amene ankakwezanso mtengo okha. Kampani ya Melvin Capital, akatswiri okhala ndi mabiliyoni amene anapanga shoti pa GameStop, inataya ndalama zopitirira theka mwezi umodzi womwewo, ndipo mu 2022 inatseka. Ndiye mlamu wanga ndi ndalama ya fizi ya teremu yamawa?

Ndipo amene akundinyansa kwambiri ndi anyamata a masuti aja odzitcha aphunzitsi, olipiritsa anthu m'magulu a pa WhatsApp n'kumatumiza zithunzi za manambala obiriwira okhaokha. Ofiira mumabisa kuti? Mlamu wanga analipira maphunziro a masabata awiri athunthu, koma mawu oti "kubwereka" wawamva koyamba dzulo, kwa ine, pa khonde.