Thirakibo si mankhwala, lekani kunamiza anthu

Lero ndapsa mtima ndithu. Mchemwali wina amene timagwira naye ntchito wabwera atamanga kansalu pachala chachikulu, akulephera ngakhale kutsegula botolo la madzi. Masabata atatu apitawo ankadandaula kuti dzanja likumupweteka akagwiritsa ntchito mausi. Mkulu wina wodziwa zonse anangomuuza kuti "gulani thirakibo, zitheratu." Sanamufunse n'komwe kuti pakupweteka ndi pati. Lero akuona nsaluyo akuti "muzolowera." Azolowere chiyani? Ululu?

Kwa amene simunaione, thirakibo ndi mausi yokhala ndi kampira pamwamba. Iyo imangokhala pamalo amodzi, inu n'kumagubuduza kampirako ndi chala kuti kamuvi kayende pasikirini. Ntchito imene ankagwira mkono siitha ayi, imangosamukira kuchala. Ndikubwerezanso: ntchitoyo imasamuka. Ndiye musanamuuze munthu kuti agule, mufunseni kaye malo amene akumva kupweteka. Safunsa anadya phula, koma apa wosafunsa ndi wina, wodya phulayo ndi wina.

Mchemwaliyu ululu wake unali m'munsi mwa chala chachikulu, mbali imene chimalumikizana ndi mkono. Pamenepo pamadutsa minyewa iwiri yokoka chalacho, ndipo njira yake ikatupa, madokotala amati ndi matenda a De Quervain. Tsono anamugulitsa thirakibo ya mtundu uja wa kampira kakang'ono kapambali, ka mamilimita 34, koyendetsa ndi chala chachikulu chokhachokha. Chala chodwala chomwecho n'chimene achipatsa ntchito yonse ya tsiku! Munthu wathyoka mwendo wamanzere, inu mukumuuza kuti azidumphira womwewo.

Musandimve molakwa, sindikudana ndi thirakibo. Ngati pamene pamawawa ndi pamfundo ya dzanja chifukwa chokhomerera dzanjalo patebulo n'kumalipotoza uku ndi uku, kapena ndi phewa chifukwa chotambasula mkono tsiku lonse, ikhoza kukuthandizani, poti dzanja limakhala phee. Ilinso mitundu iwiri, zimene odziwa zonsewo sanena. Ina ili ndi mpira waukulu pakati, wa mamilimita 55, umene mumaugubuduza ndi chamkombaphala ndi chapakati, ngakhale ndi chikhatho. Imeneyo mukhoza kuisinthira kumanzere dzanja lamanja likatopa. Mchemwaliyu akanayamba kuyesa imeneyo, ngakhale nayonso kudina batani nthawi zambiri kumagwera chala chachikulu chomwecho pokhapokha mutasintha mabatani. Mwaona? Paliponse funso ndi lomwelo: pakuwawa ndi pati?

Nanga za malo. Inde, apa thirakibo imapambana, imangofuna malo amene yakhalapo basi, ngakhale pamwendo imagwira ntchito. Koma musathamangire kugula chifukwa tebulo ndi laling'ono. Tawerengani. Mausi ya DPI 800 ikayenda inchi imodzi, kamuvi kamayenda timadontho 800. Sikirini ya timadontho 1920 m'lifupi mumaidutsa yonse ndi mainchi 2.4, amene ndi masentimita 6 okha. Mukaikweza kufika 1600, ndi masentimita 3. Ambiri amene amalira kuti malo achepa liwiro la kamuvi analitsitsa okha, kapena kiyibodi yawo ili ndi manambala aja akumanja amene sawagwira n'komwe, akungokankhira mausi kumphepete.

Ndipo walira mvula walira matope. Kukoka fayilo ndi thirakibo, batani uli chidinire kwinaku ukugubuduza mpira, n'kotopetsa zala masiku oyamba. Pa Windows pali ClickLock yoti batani lizigwira lokha, koma amene amakuuzani kuti gulani aja sakuuzani zimenezo. Iwo ndi "gulani, gulani" basi.

Chimene chandinyansa kwambiri ndi mawu aja akuti muzolowera. Kuphonyaphonya kamuvi sabata yoyamba, zoona, kumeneko munthu amazolowera. Koma chala chotupa sichizolowera. Dzanzi la chala chachikulu, chamkombaphala ndi chapakati, limene limakudzutsani usiku, silizolowereka, umenewo ukhoza kukhala mtsempha umene wapanikizika pamfundo ya dzanja ndipo ndi nkhani ya kuchipatala, osati ya kusitolo. Mwasintha chipangizo, ululu wasamukira pena kapena wakula, chisiyeni chipangizocho.

Ndiye palinso inu amene muli nayo kale thirakibo koma simunaichotsepo mpira chigulireni. Kampirako kamakhala pa timfundo titatu, thukuta ndi fumbi zimaunjikana pamenepo, mpira n'kuyamba kulimba, inu n'kumaukankha ndi mphamvu, kenako mukudabwa kuti chala chikuwawa. Ukankheni ndi chala kapena cholembera kudzera pabowo lapansi, pukutani ndi kansalu kouma, mphindi imodzi yokha. Ya mkulu wodziwa zonse uja ndaisuzumira masanawa, litsiro lake mukhoza kudzalapo mbewu.